Chithunzi chokha sichingakuuzeni modelo ya foni, funsani nambala

Sabata yatha mphwanga ananditumizira chithunzi cha foni yofiira ili chafufumimba pa tebulo, pansi pake n'kulemba kuti "achimwene tandionereni, wogulitsayu akuti ndi iPhone SE ya 2022, ndi zoona? Ndikufuna ndimutumizire ndalama lero lomwe." Ine ndinayang'ana, ndinakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka chinayamba kuoneka timabokositimabokosi, kenako ndinamuyankha kuti iyi ndi SE inde, koma ya chaka chanji sindingakuuze. Anakhumudwa. Akuti inu mwakhala mukugwira mafoni zaka zonsezi nde mukukanika kanthu kakang'ono ngati aka? Ndipo si iye yekha, anthu ambiri ukawayankha kuti chithunzi sichikukwanira amaona ngati ukuchita ulesi kapena ukufuna akunyengerere kaye. Ine ndikuti munthu amene wakuyankhani choncho ndi amene wakuuzani zoona, ndipo amene angoona chithunzi n'kunena mwachangu kuti "eee ndi yomweyo, gulani" ndi amene muyenera kumuopa, olo atakhala kuti sakufuna kukupusitsani.

Tiyeni tione foni ya mphwangayo bwinobwino, chifukwa nkhani yonse ili pomwepo. Apple inatulutsa iPhone SE yachiwiri mu 2020, kenako yachitatu mu 2022. Kutalika kwake zonse ziwiri ndi mamilimita 138.4, mulifupi 67.3, kukhuthala 7.3. Sikirini yofanana ya mainchesi 4.7, batani lozungulira lija pansi, kamera imodzi kumbuyo pakona yomweyo, chizindikiro cha apozi pakati penipeni. Kava ya ina imalowa mwa inzake popanda kukakamiza. Nde mukajambula kumbuyo kwa imodzi n'kujambulanso inayo, mwajambula chinthu chimodzi kawiri basi. Koma mkatimo ndi nkhani ina. Ya 2020 ili ndi purosesa ya A13 ndipo imathera pa 4G, ya 2022 ili ndi A15 ndipo imagwira 5G, batire yake ndi yokulirapo, memore yake yogwirira ntchito ndi yochulukirapo. Zonse zimene mphwanga ankafuna kulipirira ndalama zoonjezera zili malo amene kamera sifika.

Kusiyana kwa kunja kulipo kumene, sindikukana, koma taonani kukula kwake. Yakaleyo imalemera magalamu 148, yatsopanoyo 144. Magalamu anayi. Olo mutaziika m'manja zonse ziwiri simungamve, nanji pa chithunzi chomwe sichilemera n'komwe. Kwina ndi mtundu, yakuda ya 2022 ili ndi kabuluu kobisika pang'ono pomwe ya 2020 ndi yakuda bii, yoyera ya 2022 imapita ku kirimu pang'ono pomwe inayo ndi yoyera mbee. Apa ndi pomwe anthu odziwadziwa amakonda kugwira, amvekere "iyi ndaiona mtundu wake, ndi yatsopano." Koma mtundu pa chithunzi si wa foniyo yokha ayi. Ndi wa babu limene linali m'chipindamo, ndi wa kamera imene inajambula, yomwe imasintha yokha mitundu kuti chithunzi chikongole, ndi wa sikirini yanu imene mukuonerapo. Tengani pepala loyera mulijambule usiku pansi pa babu lachikasu muone ngati lituluke loyera. Nde munthu angalumbire bwanji pa kabuluu kobisika m'foni yakuda yojambulidwa madzulo? Ndipo ya mphwangayo inali yofiira, mtundu womwe ulipo ku zaka zonse ziwiri.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Chithunzi chikamadutsa pa mapulogalamu otumizirana mauthengawa chimafinyidwa kuti chisadye data yambiri, ndipo chimene chimayamba kutayika ndi tinthu tating'onoting'ono, timalemba tosaoneka bwino, timizere, m'mbali mwa mabatani. Tomwe tikanakuthandizani kusiyanitsa nditomwe timayamba kufa. Chikatumizidwanso kachiwiri kachitatu, wina n'kuchijambulanso pa sikirini, chofika kwa inu chimakhala chongoonetsa thupi lonse la foni basi.

Tsono funso n'lakuti n'chifukwa chiyani makampani amapanga zinthu zofanana chonchi, kodi ndi dala kuti atisokoneze? Ine sindiona choncho. Kupanga thupi latsopano la foni ndi ntchito yodula, pamafunika zikombole zatsopano ku fakitale, makina kuwakonzanso, kuyesanso ngati silikusweka likagwa, opanga makava nawo ayambirenso. Pomwe kusintha purosesa pa bolodi n'kusiya thupi lomwelo n'kosavuta kwa iwo. SE ya 2020 ija thupi lake inatengera kwa iPhone 8 ya 2017, nde mwaona, thupi limodzi lakhala likuvala mitima itatu yosiyana kwa zaka zisanu. Mawonekedwe a kunja ndi gawo limene kampani imalibwereza mwadala, ndipo ndi gawo lokhalo limene chithunzi chimaona. Apa mpomwe ine ndimaimira, kuti vutoli si la kamera yofooka kapena wojambula wosadziwa ayi, olo mutabwera ndi kamera yapamwamba chotani, uthenga umene mukuufunawo pa thupipo palibe.

Pena munganene kuti aah izi ndi za Apple zokha. Ayi ndithu, kwinaku ziliko zoposa pamenepa. Samsung Galaxy S20 FE, dzina limodzi, bokosi lofanana, mitundu yofanana, koma ilipo SM-G780F ya 4G yokhala ndi purosesa ya Exynos 990, ilipo SM-G780G ya 4G yomweyo koma yokhala ndi Snapdragon 865, ilipo SM-G781B ya 5G. Onani pa ziwiri zoyambazo, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chakumapeto, F ndi G. Apa olo wogulitsa atanena dzina loona, "S20 FE", sanakuuzenibe kuti ndi iti. Ndipo chilembo chimodzicho chimagwira ntchito tsiku limene foni yafa sisitimu mukufuna kuithiranso, chifukwa fayilo ya ina siyenda pa inzake, mapurosesa ake ndi a makampani awiri osiyana. Wokonza mafoni wanzeru sayamba dawunilodi asanawerenge nambalayo ndi maso ake.

Tsopano ndinene mbali ya amene amatsutsa, chifukwa ali ndi mfundo ndithu. Amati munthu wozolowera amadziwa, ndipo n'zoona kuti chithunzi chimanena zambiri. Pa foni ya mphwanga ija ndinadziwa nthawi yomweyo kuti si iPhone 8, chifukwa ya 8 chizindikiro cha apozi chili m'mwamba ndipo pansi pake pamalembedwa mawu oti iPhone, pomwe iyi chizindikiro chinali pakati popanda mawu amenewo. Ndinadziwanso kuti si SE yoyamba ya 2016, ija ndi yaing'ono ya m'mbali mosongoka. Nde chithunzi chinagwira ntchito, pa mafoni ambirimbiri chinanditsalira awiri. Koma taonani mtundu wa ntchito imene chinagwira. Chinachotsa zomwe sizili. Sichinasankhe pa ziwiri zotsalazo. Chithunzi chimatha kunena kuti "si iyi, si iyi," koma chikafika pa mapasa chimangoti zii, ndipo vuto n'lakuti mapasawo ndi omwe amasiyana mtengo, ndi pomwe wogulitsa wachinyengo amaimirira, ndi pomwenso wogulitsa wachilungamo amalakwitsa osadziwa. Chifukwa tisaiwale, ambiri ogulitsa foni yawo yakale sakunama ayi, nawonso anauzidwa choncho ndi amene anawagulitsa, anakhulupirira maso ngati ife tomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kulimba mtima kumene kuzolowera kumabweretsa. Ukaona mafoni mazana ukuwatchula molondola, mutu umazolowera kuyankha msanga, ukangoona thupi lodziwika dzina limabwera lokha pakamwa. Ndipo dzina limene limabwera ndi la modelo imene waiona kambiri, kapena imene wofunsayo watchula kale. Mphwanga atalemba kuti "akuti ndi ya 2022," maso anga anayamba kufunafuna zoti zigwirizane ndi 2022, kufiira kuja kunayamba kuoneka ngati kwatsopano ndithu. Akanalemba kuti ya 2020 bwenzi kufiira komweko kukuoneka kwakale. Ndinachita kudziletsa. Munthu akakuuzani kuti "ndikuganiza kuti ndi iyi" palibe vuto, koma mawu oti ndikuganizawo asamatayike panjira, chifukwa uthenga ukafika kwa wachitatu umakhala utasanduka "anditsimikizira kale."

Ndiye pali nkhani ya thupi losinthidwa, yomwe imagwetseratu zonse. Thupi la foni ndi sipeya ngati sipeya ina iliyonse, limagulidwa, limasinthidwa. Foni ikasweka kumbuyo wokonza amaika galasi lina, pena la mtundu wina, nde kabuluu kobisika kaja kangakhale pa foni ya chaka chilichonse. Ndipo alipo amene amachita dala, kutenga iPhone XR ya 2018 n'kuiveka thupi looneka ngati la 13 Pro, makamera atatu kumbuyo pomwe yogwira ntchito ndi imodzi yokha, enawo ndi magalasi okongoletsa basi. Pa chithunzi imaoneka yonyezimira bwino kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, koma apa pena nyerere mulibe n'komwe, foniyo ikugwira bwinobwino, kungoti si imene mwalipirira. Apa ngakhale ntchito yochotsa ija, ya "si iyi, si iyi," imayamba kukayikitsa, chifukwa mukuweruza chovala chomwe mwini wake anabwereka.

Nanga tichite bwanji? Ine ndinamuuza mphwanga kuti asiye kupempha zithunzi zina za kumbuyo, kutsogolo, m'mbali, zonsezo zingomuonjezera chikhulupiriro popanda kumuonjezera chodziwa. Apemphe nambala ya modelo. Pa iPhone amalowa `Settings`, kenako `General`, kenako `About`. Pamenepo pali mzere wa `Model Name` umene umatchula dzina la foniyo, ndi wina wa `Model Number`. Mzere wachiwiriwu poyamba umaonetsa nambala yaitali ya zilembo zosakanikirana, koma ukaugunda kamodzi umasintha n'kuonetsa nambala yaifupi yoyamba ndi A. Imeneyo ndiyo tikufuna. SE ya 2020 ndi A2275, A2296 kapena A2298. SE ya 2022 ndi A2595, kapena kuyambira A2782 mpaka A2785. Pa Samsung ndi `Settings` kenako `About phone`, nambala yoyamba ndi SM ija ili pomwepo. Mwaona kuti foni imodzi ili ndi manambala angapo, n'chifukwa choti amapanga zosiyana pang'ono potengera dera limene akukagulitsa, ndipo kusiyanako pena si kwamasewera. iPhone 14 yogulitsidwa ku America ilibe malo olowetsa simu khadi, imagwira ya mkati yokha ija amati eSIM, pomwe ya kumayiko ena ili nawo. Chithunzi chojambulidwa kumbuyo kapena mbali inayo sichingakuonetseni zimenezo, mudzazindikira foni ili m'manja mukufunafuna kabowo ka phini.

Kale zinali zosavuta pang'ono chifukwa nambala ya A ija inkalembedwa kumbuyo kwa foni ndi timalemba tating'ono. Kuyambira pa iPhone 8 anaichotsa kumbuyoko, anakaiika mkati mwa kampata kolowetsa simu, moti umachita kutulutsa kathireyi n'kusuzumira ndi tochi. Nde pa foni ya mphwangayo kumbuyo kunalibe nambala ya modelo yoti munthu n'kuwerenga.

Koma apa ndikuchenjezeni, chifukwa ena akamva izi amangoti basi anditumizire sikirinishoti ya `About` nkhani yatha. Sikirinishoti nayonso ndi chithunzi amwene. Ingakhale ya foni ina, ingakhale yotengedwa pa intaneti, ingakhale yosinthidwa malemba, ndipo palibe chimene chikuimangirira ku foni yofiira ili pa tebulo ija. Bokosi nalonso chimodzimodzi, sitika yake imanena zoona za foni imene inatuluka m'bokosimo ku fakitale, osati imene ili m'menemo lero. Komanso mafoni achinyengo enieni aja, opangidwa mongotengera, amalemba chilichonse pa `About`, dzina lililonse limene wopangayo anafuna. Nde nambala imodzi yochokera malo amodzi siinakwanebe. Chimene chimatsimikiza ndi manambala ochokera malo osiyana akagwirizana.

Apa mpomwe IMEI imathandiza. Mukaimba `*#06#` pa foni iliyonse imatulutsa IMEI yake, nambala ya madijiti 15, ndipo madijiti 8 oyambirira amaimira mtundu ndi modelo ya foniyo, n'chifukwa chake mukaiika pa masamba ofufuzira IMEI amakuuzani kuti nambalayi ndi ya foni yanji. Pa ma SE awiriwa IMEI yomweyo inalembedwanso pa kathireyi ka simu. Ndiye muli ndi malo atatu, zimene foni ikunena pa `About`, zimene IMEI ikunena mukaifufuza, ndi zimene zalembedwa pa chitsulo. Zikagwirizana zonse, mtima ukhale pansi. Zikasiyana sikuti basi munthuyo ndi wakuba, mwina kathireyi kanatayika anaikamo kena, mwina thupi linasinthidwa itagwa, koma pamenepo muli ndi funso loti mumufunse ndipo yankho lake mulimvetsere bwino. Pa iPhone palinso siriyo nambala pa `About` pomwepo, imene mungaiike pa tsamba la Apple loonera waranti ndipo limakutchulirani modelo yake.

Ngati foniyo ili kutali simungaigwire, pemphani vidiyo kolo, kapena vidiyo imodzi yosadula. Aionetse kumbuyo, aitembenuze, atsekule `Settings` inu mukuona, agunde pa `Model Number` isinthe, aimbe `*#06#`. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri. Kusiyana kwake ndi chithunzi n'kwakuti apa thupi ndi nambala mukuziona pa chinthu chimodzi nthawi imodzi, palibe podulira n'kulowetsa foni ina. Wogulitsa wachilungamo sizimuvuta, ndipo amene ayamba kuzungulira, netiweki yavuta, batire yatha, ndatuluka pang'ono, koma zithunzi zokongola akutumizabe, ameneyo musamutumizire kanthu.

Kanthu kena kakang'ono kamene mphwanga anagwira n'koti pa chithunzi china chimene anamutumizira, pakona ya sikirini panalembedwa 4G, nde iye amvekere ndamugwira, ndi yakale. Ndinamuuza kuti ayi usafulumire, kumenekonso ndi kuweruza ndi maso komwe kuja kungoti kwatembenuka. Foni ya 5G ikakhala malo opanda 5G, kapena simu yake siilola, imalemba 4G bwinobwino. Nde chithunzi chingakupusitseni kuti mugule yolakwika, chingakupusitseninso kuti mumutche munthu wosalakwa kuti wakuba.

Ndikudziwa ena anena kuti zonsezi n'zochulutsa, foni ndi foni bola ikuimba. Ngati mukungofuna kava, zoona, chithunzi chikukwanira, ma SE awiriwa amavala imodzi. Ine sindikuti chilichonse tizichita kufufuza ngati apolisi. Funso ndi loti chimene mukufuna kuchitacho chikudalira kunja kapena mkati. Kava, galasi loteteza sikirini, kathumba, izi zimadalira thupi ndipo thupi limaoneka. Koma kugula, kugulitsa, kuitanitsa batire, kuthira sisitimu, kudziwa kuti foniyi ilandirabe maapudeti kwa zaka zingati, izi zimadalira mkati, ndipo pamenepa kusiyana kwa zaka ziwiri pakati pa A13 ndi A15 mudzakumva ndithu m'tsogolo muno. Ndipo si mafoni okha, ma rauta, malaputopu, tizipangizo ta wayifayi tolowetsa pa kompyuta, zambiri zimasintha tchipu mkati dzina ndi pulasitiki zili zomwezo, n'kungolemba `V1` kapena `V2` pa kasitika kapansi komwe wojambula saganiza n'komwe zotembenuza.

Chimene ndikupempha kwenikweni chikupita mbali ziwiri. Kwa inu ofunsa, musamakwiye munthu akakuuzani kuti tumizani nambala, sakukuzembani, akukutetezerani ndalama zanu zomwe. Kwa ife ofunsidwa, tisamachite manyazi kunena kuti apa pali ziwiri ndipo chithunzi sichingasankhe. Ndikudziwa zimakoma kuyankha mwachangu anthu n'kumati koma ujeni amadziwa zinthu, koma ndalama zimene zikupitazo si zathu, ndipo tsiku limene talakwitsa wolira ndi wina amene anatikhulupirira.

Mphwanga anapempha vidiyo ija madzulo omwewo. Wogulitsayo sanavute, anaitembenuza, anatsekula `About`, anagunda pa mzere uja, panatuluka A2296. Ya 2020. Munthuyo anadabwa naye, akuti iyenso anaigula kwa wina amene anamuuza kuti ndi yatsopanoyo ndipo chaka chonse wakhala akuuza anthu choncho, sanaganizepo zogunda pa mzere umenewo. Anakambirana, anatsitsa mtengo kufika pa wa foni ya 2020, mphwanga anaona kuti 5G sakuifuna kwenikweni pakadali pano, anaitenga. Itafika anatulutsa kathireyi n'kuyerekeza IMEI ndi ya pa `*#06#`, zinagwirizana.